Nsapato ya kumanzere

Mpaka lero ndikalowa m'nyumba ya munthu nyengo ya mvula n'kupeza nsapato zachikopa atazikhazika pafupi ndi mbaula, manja amandiyabwa. Ndimafuna kuzikoka ndisanapereke n'komwe moni. Ena amaganiza kuti ndine wovuta, koma sakudziwa zomwe zinachitikira nsapato yanga ya kumanzere usiku wina wa mwezi wa Epulo ku Chibavi, ndili Sitandade 7.

Ndinapita kukakhala ndi agogo anga ku Mzuzu mu 2002, amayi atatisiya. Agogo kwawo kunali ku Ntcheu. Anafika kumpoto kalekale potsatira agogo aamuna, omwe ankagwira ntchito ya umesenjala m'boma nthawi ya Kamuzu, ndipo amuna awo atamwalira iwo sanabwererenso kumudzi. Chitumbuka ankachimva bwinobwino, pamsika ankatsatsa malonda m'Chitumbuka, koma akangolowa m'nyumba chinali Chichewa chokhachokha. Ankagulitsa nthochi ndi zitumbuwa. Ine ankanditchula kuti "mkazi mnzanga," monga achitira agogo ambiri kwathu ndi adzukulu awo aakazi, ndipo akasiya dzina limeneli n'kunena kuti "iwe mwana," ndinkadziwa kuti zinthu zaipa.

Kusukulu kwathu nsapato sizinali zokakamiza. Chiyambire maphunziro aulere a pulaimale mu 1994, m'makalasi munadzaza ana a mitundu yonse, ena ovala patapata, ena osavala kalikonse. Koma ine ndinali nditalowa kwaya ya ana kutchalitchi, ndipo agogo anati mdzukulu wawo sangaime kutsogolo kwa mpingo zidendene zili pamtunda. Anasunga ndalama za zitumbuwa miyezi ingapo, kenako Loweruka lina ananditenga kupita kukaunjika.

Tinapita masana, dala. Anati phazi limatupa munthu akayenda tsiku lonse, choncho nsapato yoyesa m'mawa imadzakuluma madzulo. Pamulupo panali nsapato zambiri zonyezimira zomwe ine ndinazikonda, koma agogo sanazicheukire. Ankatola imodzi, kuinunkhiza, kenako kuidinikiza ndi chala chachikulu pamwamba. Chikopa chenicheni, anatero, chimachita timakwinya ting'onoting'ono ngati khungu la munthu ndipo ukachotsa chala timakwinyato timabwerera, pomwe chapulasitiki chimangolowa ngati mpira. Ankatembenuzanso lilime la nsapato kuti aone kuseri kwake. Kukakhala kwa ubweyaubweya wosalala, n'chikopa. Kukakhala ngati nsalu yolukidwa, ankaibwezera pamulu osalankhula. Chomaliza ankayang'ana kunsi, ngati pali ulusi wosokera kapena anangomata ndi guluu basi. Tinatuluka ndi nsapato zakuda za zingwe, za mabowo anayi mbali iliyonse, zosokedwa kunsi, zotsala malo a chala chimodzi kutsogolo kuti ndikuliremo. Sizinali zokongola kwenikweni. Koma zinali zanga, ndipo usiku umenewo ndinagona nazo kumutu.

Amene sanakhaleko ku Mzuzu mwina sangamvetse chifukwa chake kusamala nsapato kumeneko ndi ntchito. Mvula ya ku Mzuzu sidziwa kusiya. Kuchigawo chapakati anthu akamayamba kuyanika chimanga, ife timakhala tikunyowabe, mwezi wa Malichi ndi Epulo ndiye imachita kukhuthuka. Ikatha imeneyo kumabwera chisanu cha Juni ndi Julaye ndi mvula yake yowaza, nkhungu ili tolotolo m'mawa. Tinjira ta ku Chibavi tinali tamatope ofiira, omata, ndipo kumunsi chakudambo madzi ankaima masiku angapo. Nsapato ya ku Mzuzu imakhala yonyowa nthawi yaitali kuposa yomwe imakhala youma.

Lamulo loyamba la agogo linali loti nsapato siyenda m'matope. Popita kutchalitchi ndinkavala patapata, nsapato zili m'jumbo, masokosi ali m'kati mwake. Tikafika pampopi wapafupi ndinkatsuka mapazi, kupukuta ndi nsonga ya chitenje chawo mpaka pakati pa zala, ndiye n'kuvala. Poyamba zinkandichititsa manyazi, mpaka ndinazindikira kuti amayi ambiri a mvano ankachita chimodzimodzi, pampopi pomwepo, zikwama zili m'khwapa.

Lachiwiri linali la zingwe. Ndinali ndi chizolowezi cha ana ambiri, chovula nsapato popondetsa chala cha phazi lina kuchidendene, zingwe zili chimangire, ndipo povala n'kumakankhiramo phazi mokakamiza. Tsiku lomwe anandiona, agogo anandiuza kuti ndigwire kumbuyo kwa nsapato. Munali kanthu kolimba m'kati mwa chikopa, kozungulira chidendene. "Aka ndiye kamsana ka nsapato," anatero. "Ukakathyola sikawongokanso. Nsapato imayamba kukhwepa, phazi limaterera, kenako matuza." Kuyambira pamenepo ndinkamasula zingwe mpaka bowo lachiwiri, ndipo povala ankandipatsa supuni yakale, ndiiike kuchidendene kuti phazi litsetserekere pamenepo.

Koma chomwe ndimachikumbukira kwambiri ndi Loweruka madzulo pakhonde. Agogo anali ndi chitini chakale cha mabisiketi chomwe chinali cha agogo aamuna. Munali mabulashi awiri, imodzi yopakira ina yowalitsira, mswachi wotha, kansanza ka malaya a thonje, kachitini ka Kiwi wakuda, ndi kabotolo ka mafuta a nsatsi. Amuna awo, ankatero, sankatuluka pakhomo nsapato isanaoneke nkhope, chifukwa mesenjala wa nthawi imeneyo ankayamba kuonedwa kumapazi. Iwo ndiwo ankawapolishira zaka zonsezo, ndiye manja awo ankangoidziwa ntchitoyo ngati kupeta ufa.

Ankayamba ndi kuchotseratu zingwe, kuti polishi afike palilime komanso zingwezo zisadetse masokosi. Kenako fumbi ndi matope ouma, ndi bulashi, ndipo mumsoko momwe chikopa chimakumana ndi kunsi ankadutsamo ndi mswachi. Apa ndi pomwe ankachedwapo kwambiri. Ankati dothi lotsalira mumsoko limasunga chinyezi n'kuoletsa ulusi, ndipo mchenga wokhala m'makwinya umadya chikopa pang'onopang'ono nthawi iliyonse phazi likapinda. Kupaka polishi pamwamba pa dothi ankakuyerekeza ndi kudzola mafuta osasamba. Akatha apo ankapukuta ndi kansanza konyowa pang'ono n'kudikira kuti paume.

Polishi ankatapa wochepa kwambiri moti poyamba ndinkaganiza kuti n'kuumira. Ankakulunga kansanza pa zala ziwiri, kukhudza m'chitini kamodzi, n'kumazungulizazunguliza pachikopa mpaka atalowa. Ine nditapatsidwa mpata ndinamata wambiri kuti ziwale msanga. Zinatuluka zothimbirira, zomata, ndipo pofika kutchalitchi fumbi lonse linali litakakamira. Anandionetsa kuti polishi wochuluka amaundana m'makwinya, amauma, n'kumasweka ngati chikhokho cha nsima. Akapaka ankazisiya kaye mpaka madzi a tiyi awire, ndiyeno bulashi yachiwiri, mothamanga koma mosadinikiza. Kumapeto ankadontheza kadontho kamodzi ka madzi kumphuno kwa nsapato n'kupukuta ndi nsalu yofewa, ndipo nyali ya koloboyi inkaonekeramo.

Tsopano za usiku uja.

Linali Loweruka. Tinali ndi kukonzekera komaliza kwa kwaya chifukwa mawa lake tinkaimba pa Pasaka, ndipo aphunzitsi a kwaya anati tibwere titavala monga tidzavalire. Pobwerera kumwamba kunali kutada, koma ine ndinaona kuti ndifika, ndipo kunena zoona ndinkafuna anzanga andionebe nditavala nsapato. Sindinasinthe. Mvula inandipeza ndisanafike theka la njira. Pamalo ena otsika madzi anali atadzaza njira yonse, ndinawoloka momwemo, madzi akufika m'akakolo. Pofika kunyumba nsapato zinkalira fotyofotyo, zofiira ndi matope mpaka m'zingwe.

Agogo anali asanabwere kumsika, anali atabisala mvula kwinakwake. Ndinkadziwa kuti ndalakwa, ndipo ndinkafuna akamafika apeze zonse zili bwino. Ndinakoleza mbaula, ndinateleka madzi, kenako ndinatsuka nsapato zonse ziwiri m'beseni ndi sopo wochapira zovala. Pambali pa mbaula panali njerwa imodzi yokha, choncho ndinaikapo ya kumanzere, mphuno yake italoza kumakala, ya kumanja ikudikira nthawi yake pakhomo. Inayamba kufuka nthunzi ndipo mtima wanga unakhala pansi. Ndinkaona ngati ikuuma bwino.

Panapita mwina ola limodzi. Agogo analowa dengu lili pamutu, ndipo asanalitule anakankha njerwa ija ndi phazi. Anatola nsapato, anaitembenuza, anaidinikiza ndi chala monga anachitira kukaunjika kuja. Sinachite makwinya. Kutsogolo kwake kunali kutauma gwa ngati chikwa cha chinangwa, mphuno itapindikira m'mwamba, ndipo kunsi kunali kutayamba kuyasama pomwe guluu anafewa ndi moto.

"Iwe mwana," anatero. Kenako anakhala chete nthawi yaitali. Ndikanakonda akanandikalipira.

Atakhala pansi anandifunsa ngati ndinaonapo anthu akuwamba ng'oma. Ndinati eya, amaiyandikiza kumoto kuti ilire bwino. "Imalira bwino chifukwa chiyani?" Ndinati chifukwa chikopa chimakungika. "Ndiye iwe wawamba nsapato," anatero. "Koma ng'oma amaiwamba pang'ono, n'kuichotsa. Iweyo waiphika ili yonyowa."

Patapita zaka ndinadzamvetsa bwino zomwe ankatanthauza. Chikopa ndi khungu la nyama, lopangidwa ndi timinyewa tambirimbiri tolukanalukana, ndipo pochikonza amalowetsamo mafuta kuti timinyewato tiziterera pa tinzake phazi likamapinda. Madzi akalowa amasuntha mafutawo, ndipo akamatuluka amatuluka nawo ena. Sopo wochapira zovala ndiye amawachotseratu, poti ntchito yake n'kuchotsa mafuta. Chikopa chonyowa chikakumana ndi moto, timinyewa tija timakhwinyata n'kumatana, ndipo chikafika pamenepo sichibwereranso mwakale ngakhale utachithira mafuta otani. Dzuwa lamphamvu la mwezi wa Okutobala limachitanso zofanana, kungoti pang'onopang'ono.

Usiku womwewo tinayamba kupulumutsa ya kumanja. Agogo anachotsa zingwe, anakokera lilime kunja, anatulutsa kansalu kopondapo ka m'kati n'kukayanika pakokha. Anapukuta sopo yense ndi nsalu yonyowa, kenako ndi youma. Nyuzipepala zinalipo zambiri poti ndi zomwe ankakulungira zitumbuwa. Anandiuza kuti ndizing'ambe, ndizifinya timipira tosalimba, n'kumalowetsa kuyambira kumphuno mpaka kuchidendene. Anati pepala limagwira ntchito ziwiri, kumwa madzi a m'kati komanso kugwira nsapato kuti isaphwe pouma. Koma usakanikize kwambiri, chifukwa chikopa chonyowa chimatanuka, ndipo chikauma chimakhala momwe wachisiyira. Anaitsamiritsa kukhoma chidendene chili m'mwamba, pa timitengo tiwiri, kuti mpweya uzidutsa ndi kunsi komwe, kutali ndi mbaula, pafupi ndi mpata wa pansi pa chitseko.

Tisanagone tinasintha mapepala, anatuluka onyowa ngati aviikidwa. Pakati pa usiku ndinamva agogo akudzuka, akufwathula nyuzipepala mumdima. M'mawa tinasinthanso. Ndinafunsa ngati ndingathe kuivala. Anandiuza kuti ndilowetse dzanja mpaka kumphuno. Munali mozizira. "Ikamazizira m'dzanja ndiye kuti madzi akadalimo," anatero. Ndipo ngakhale ikanauma, inzake inali yosavalika.

Pasaka imeneyo ndinaimba nditavala patapata, mzere wakumbuyo. Agogo anazitsuka ndi mwala mpaka zinayera, ndipo sananenepo kanthu za dzulo lake njira yonse.

Ya kumanja inatenga masiku atatu kuti iume, chifukwa mvula sinaleke. Itauma inali yotuwa, yokhakhala, ndi mzere woyera m'mbali momwe madzi analekezera. Mzerewo anaupukuta ndi nsalu yonyowa pang'ono. Kenako anatsegula kabotolo ka mafuta a nsatsi, anadontheza madontho atatu kapena anayi pachikhatho, anatikita manja, n'kuyamba kuisisita nsapato ngati akudzoza khanda. Anati polishi amakhala pamwamba, koma chikopa chomwe chasambitsidwa ndi sopo chimafuna chakudya cholowa m'kati. Mafuta ophikira ankawakana, ankati amadzanunkha n'kuitana mphemvu ndi makoswe. Anaisiya usiku wonse, m'mawa anapukuta otsalira, ndipo tsiku lotsatira ndi pomwe anapaka polishi, kawiri, wochepa wochepa. Inabwerera. Ukanaiona sukanadziwa kuti inasambira.

Ya kumanzere anaichitanso chimodzimodzi, sabata yonse, madzulo aliwonse timadontho tingapo, akuipindapinda ndi manja pang'onopang'ono. M'mbali ndi kumbuyo inafewa. Koma pamwamba pa zala, pomwe panayang'anizana ndi makala, panakana. Tsiku loyamba kuivala inandithina ngati si yanga, ndipo pasanathe milungu iwiri panatseguka mng'alu pamzere womwe phazi limapindira, wotalika ngati chala changa chaching'ono.

Anandituma kuti ndiinyamule ndekha kupita nayo kwa bambo wina wosoka nsapato yemwe ankakhala pansi pa mtengo pafupi ndi msika, iwo akubwera pambuyo. Bamboyo anangoigwira n'kufunsa kuti, "Mbaula kapena dzuwa?" Anati nyengo ya mvula amalandira zotere sabata iliyonse, ndipo amazidziwa ndi mphuno yopindikira m'mwamba. Kunsi anati n'kosavuta. Anapala mbali zonse ziwiri, anapaka guluu, anadikira kuti aume mpaka asamamate chala, anaphatikiza n'kumenya ndi hamala, kenako anadutsitsa ulusi wopaka phula ndi singano yake yokowa. Za mng'alu ananena mosabisa kuti kusoka pachikopa chopsa n'kutaya ulusi, chifukwa bowo lililonse la singano limasanduka poyambira mng'alu wina. Anadula kachikopa kofewa ku lilime la nsapato ina yakufa, anakamata m'kati pansi pa mng'alu, n'kusoka m'mphepete mokha momwe chikopa chinali chamoyo. Usiku wake anaisiya pa chikombole chamtengo kuti itanuke pang'ono. Agogo analipira ndi ndalama zomwe anamasula pamfundo ya chitenje, ndipo ine ndinkadziwa kuti ndi zitumbuwa zingati zimenezo.

Nsapato zimenezo ndinazivala zaka zina ziwiri. Ndinalembera mayeso a Sitandade 8, ndinalowa nazo Fomu 1. M'nyengo yachisanu tinalimbananso ndi mdani wina, nkhungu yomera pa zinthu zachinyontho. Ndinali nditazisunga m'jumbo pansi pa bedi, ndikuganiza kuti ndikuziteteza, ndipo patatha milungu iwiri ndinazipeza zitamera zoyerayera ngati ufa, zikununkha chinyontho. Agogo anazitulutsa panja, anazipukuta, anaziika pamthunzi podutsa mphepo tsiku lonse. Anati jumbo ndi ya paulendo basi, nsapato yosungidwa imafuna kupuma. Anakhoma misomali iwiri kukhoma, pamwamba, ndipo m'nsapato iliyonse ankaikamo khala limodzi lokulunga m'pepala kuti lizikoka fungo. Chidendene chikayamba kudyeka mbali imodzi ankandituma msanga kukaikitsa kachidutswa ka tayala, kudyekako kusanafike pa thupi la nsapato.

Mng'alu uja sunatseke. Loweruka lililonse ndinkaudzaza polishi ndi nsonga ya kansanza, ndipo ukakhala patali sunkaoneka, koma ine ndinkaumva pa sitepe iliyonse, kachigamba kakukhudza zala. Ya kumanja inakhalabe yosalala mpaka phazi langa linakula. Zinachokera pamulu umodzi, zinayenda njira imodzi, zinasambira m'chithaphwi chimodzi. Kusiyana kwake kunali ola limodzi lija.

Chinthu china ndinachizindikira mochedwa, ndipo chimandiwawabe. Zaka zonsezo agogo analibe nsapato yachikopa. Anali ndi patapata ndi nsapato zapulasitiki za ku tchalitchi, ndipo zidendene zawo zinali ndi ming'alu yozama yomwe inkawapweteka m'chisanu. Mafuta a nsatsi aja anali awo, odzola kumapazi usiku. Sabata yomwe ankadyetsa nsapato yanga ya kumanzere, kabotolo kanatsika mpaka pansi, ndipo sindikumbukira kuti ndinawaona akudzola.

Nditayamba ntchito, malipiro anga oyamba ndinawagulira nsapato zachikopa zofewa, zopanda zingwe poti msana unali utayamba kuvuta. Anazinunkhiza, anazidinikiza ndi chala, anatembenuza kuti aone kunsi. "Zosoka," anatero, akugwedeza mutu. Lamulungu lotsatira tinanyamuka limodzi kupita kutchalitchi. Kunja kunali kouma, dzuwa lili phwee, koma iwo anatuluka atavala patapata, nsapato zili m'jumbo. Titafika pampopi paja anandipatsa chikwama kuti ndiwagwirire, ndipo ine ndinagwada n'kuwapukuta mapazi ndi nsonga ya chitenje changa, mpaka pakati pa zala.